Kakalata ka pansi pa mwendo wa tebulo

A Makiyi akhala akutsegula nyumba ya katundu pa sitolo ya zomangira kwa zaka 19, moti dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo analeka kulitchula. Pa lamba pawo pamalendewera makiyi 11, ndipo munthu amayamba wawamva asanawaone. Ntchito yawo ndi kulandira katundu. Lole ikafika amatenga invoisi, pepala lonena zimene zagulidwa ndi mtengo wake, n'kuika rula pansi pa mzere woyamba. Amawerenga katunduyo, kuchonga ndi pensulo, n'kutsitsa rula. Sasaina asanafike pa mzere womaliza, dalaivala atukwane bwanji.

Mdani wawo amakhala mu ofesi, mapazi 30 kuchokera pa khomo lawo. Ndi mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, mwana amene anamulera m'nyumba mwawo n'kumulipirira sukulu. Iyeyo ndi amene anabweretsa kompyuta, ndipo kompyutayo chaka chatha inapeza kuti matumba 12 a simenti palibe. A Makiyi sanabe, koma analibe pogwira. Abwana anawauza anthu onse akumva kuti kukadzasowanso kanthu, ngakhale msomali, makiyi adzawasiye pa tebulo. Chiyambire tsiku limenelo, alamu awiriwa ankalankhulana ngati anthu olimbirana malire a munda.

Lachiwiri lina m'mawa mlamuyo anabwera ndi invoisi ya matailosi, kakalata atakamata pamwamba.

"Alamu, muwerenge kaye aka lole isanafike."

"Ndiwerenge? Iwe ukuphunzira kuvala nsapato, ine ndinali nditatha kale mapensulo zana."

"Mapensulo zana, koma matumba 12 anakudutsani."

"Tuluka muno!"

Tebulo la a Makiyi linali logwedera. Anapinda kakalatako kanayi osakatsegula, n'kukalowetsa pansi pa mwendo waufupi. Anagwedeza tebulo, linali nji. "Ona, lero wandithandiza," a Makiyi anakuwa kumuuza mlamuyo, amene anali kale pa khomo.

Lole inafika cha m'ma 10. Dalaivala, mkulu wa kadzino kagolide, anapereka pepala la ogulitsa, ndipo a Makiyi analiyala pambali pa la mu ofesi. Mapepala awiriwo ankaoneka ngati si a katundu mmodzi. La ogulitsa linali ndi mizere iwiri, masikweya mita 216 onse pamodzi. La mu ofesi linali ndi mzere umodzi, mabokosi 150, mtengonso wake wokulirapo. A Makiyi anatsonya. Anakankhira la ogulitsa pambali, n'kuika rula pa la mu ofesi, chifukwa limenelo ndi limene abwana amaona.

Otsitsa katundu anaunjika mabokosi khumikhumi. Milu inakwana 15, koma m'lole munali mutatsala mabokosi 50.

"Basi," anatero a Makiyi. "Pepala langa likuti 150. Enawo bwerera nawo."

"Mawu ndi amenewo, madala!" Dalaivala anaombera m'manja. "Anthu okhulupirika anatha, munatsala nokha. Tsekani, anyamata. Sainani apa, madala, kuti katundu yense wafika."

A Makiyi anaima pensulo ili m'mwamba. M'zaka zonsezi anali asanaonepo dalaivala wosangalala kubwerera ndi katundu. Onse amanyinyirika, za mafuta, za nthawi, za ana. Uyu ankaseka mpaka kadzino kaja kung'anima.

Anawerama n'kunyamula bokosi limodzi. Msana wawo, umene umadziwa kulemera kwa chilichonse cha m'nyumba imeneyo, unawauza kuti lapepuka. Anang'amba chivundikiro ndi kiyi. Munali matailosi atatu. Nthawi zonse mumakhala anayi.

"Usatseke," anatero.

"Madala, ndili ndi maulendo ena awiri."

"Ndati usatseke. Ukagwira chitsekocho ndikuthyola zala."

Analowa m'kati, anayang'ana uku ndi uku ngati pali wowaona, kenako anagwada n'kutukula tebulo ndi phewa. Kakalata kaja kanali katada, koma kanawerengeka.

"Alamu, musadabwe kuti invoisi iyi yasiyana ndi ya ogulitsa. Iwo amalemba masikweya mita, ife timasunga mabokosi, ndiye kompyuta yagawa 216 ndi 1.44 n'kupeza mabokosi 150. Mtengo ukuoneka waukulu chifukwa ndi wa bokosi, osati wa mita. Mizere yawo iwiri yakhala umodzi poti matailosiwo ndi mtundu umodzi, ndipo msonkho wapita pansi pawokha. Musanasaine onani kuti nambala ya invoisi, nambala ya katundu ndi ndalama zonse pansi zikufanana pa mapepala onse awiri. Koma chachikulu ndi danga lolembedwa kuti mamita pa bokosi. 1.44 ndi ya katundu wa ulendo watha, matailosi anayi m'bokosi. Kompyuta sitsegula bokosi. Ngati asintha kapakidwe, 150 musaikhulupirire, gwirani 216."

A Makiyi analuma pensulo. Anafananitsa manambala atatu aja, anali bwinobwino. Kenako anawerengetsa kuseri kwa kakalata komweko. Tailosi imodzi ya masentimita 60 mbali zonse ndi 0.36. Atatu ndi 1.08. Atagawa 216 ndi 1.08 panatuluka 200, popanda chotsala. Mabokosi 50 aja sanali opitirira. Anali a sitolo, masikweya mita 54 olipiridwa, ndipo akanapita ndi lole siginecha yawo ikunena kuti zonse zafika. Anagwira makiyi pa lamba.

"Tsitsani onse!" anakuwa akutuluka.

"Nanga mwasinthanso, madala?"

"Madala ndi bambo ako. Umafuna ukawagulitse pa msika wa pa mlatho, eti? Tsitsa, ndipo bokosi lililonse lidutse pamaso panga."

Dalaivala analavula pansi, kadzino kaja sikanaonekenso. Milu inakwana 20. A Makiyi analemba pa mapepala onse awiri kuti mabokosi 200, matailosi atatu m'bokosi, n'kusaina.

Mu ofesi analowa osagogoda. Anamenyetsa invoisi pa desiki mpaka kapu ya mlamu wawo inadumpha.

"Kompyuta yako ndi yabodza. Si 1.44, ndi 1.08. Konza."

Mlamuyo anasintha nambalayo. Mzere uja unatembenuka kukhala mabokosi 200, mtengo wa bokosi unatsika, koma ndalama zonse pansi sizinasunthe. Anayang'ana kakalata kakuda kamene kanali m'dzanja la a Makiyi.

"Ndiye munawerenga?"

"Linawerenga ndi tebulo."

"Mulithokoze, lakusungirani makiyi."

"Wandisungira ndi msana wangawu. Iwe ukanadziwa za matailosi atatu uli pa mpando wozungulirawo?"

"Inuyo mukanadziwa pogawa?"

Abwana anasuzumira pa khomo, foni ili kukhutu. "Matailosi aja akwana?"

"Akwana," anayankha onse awiri, ndipo aliyense anamuyang'ana mnzake moipidwa. Abwana anagwedeza mutu n'kupitirira.

A Makiyi anafika pa khomo n'kutembenuka. "Ulendo wina uzilemba zilembo zikuluzikulu. Maso anga anathera pa fizi yako."

"Ulendo wina mugule tebulo."

Atabwerera ku nyumba ya katundu anabaya kakalatako pa msomali wa pakhoma, pamene amabayapo mapepala osataya. Pansi pa mwendo wa tebulo anaikapo chidutswa cha bokosi anang'amba lija, ndipo anapita kukakhoma chitseko chakumbuyo, makiyi onse 11 akulira pa lamba.