Phala limene ndinkataya

Bambo anafika kuchipatala ataonda ngati bango, ndipo adokotala anati opaleshoni ya matumbo idikire masabata awiri, thupi liyambe lalimba ndi chiponde, mazira ndi mkaka. Zimenezo ndinapirira. Koma m'mawa mwake atangowachita opaleshoniyo, anamwino anabweretsa kaphala kamadzimadzi.

"Muziwapatsa pang'onopang'ono, achimwene. Matumbo amadzuka msanga akalandira chakudya."

Ine mtima unaphulika. "Mukufuna ulusi uduke? Kwathu ku Ngabu, ngakhale chubu cha njinga tikamata sitipopa pompo!"

Kwa masiku atatu ndinkataya phalalo kuseri, n'kumanama kuti adya. Bambo anafooka, bala linachedwa kupola, tinakhalamo mwezi wathunthu. Nditaulula, bambo sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, njala inkandipweteka, koma ndinkaopa ukali wakowo."