Nkhope ya Abambo pa Pepala la Mayeso

Abambo atamwalira, ine ndinkafuna kuti chithunzi chonyamula pamaliro tikasindikize kushopu ku Boma, pa pepala lolimba lonyezimira lija. Achimwene, omwe ndi mphunzitsi kwathu kwa Kaphuka, anakana. Anali ndi pulinta yawo kunyumba.

"Thiransipoti yokha iposa mtengo wa chithunzicho," anatero. "Inki ilipo kale."

"Nanga pepala la zithunzi muli nalo, achimwene?"

Analibe. Mapepala amenewo amagulitsa paketi yonse, ndipo iwo sakanagula paketi chifukwa cha chithunzi chimodzi. Anatenga pepala wamba losindikizira mayeso. Linamwa inki mpaka kukwinyika. Mtima unandiwawa, koma pamaliro sukangana ndi mwana wachisamba. Felemu yomwe tinapeza inalibenso galasi.

Pochoka kutchalitchi kupita kumanda, anandipatsa ine chithunzicho kuti nditsogole nacho. Pomwepo kunayamba mvula yamawawa ya kumapiri kuno. Ndinachiphimba ndi chitenje, koma chitenjecho chinanyowanso, ndipo inki ya achimwene ija simvana ndi madzi. Ndinkaona maso a abambo akusungunuka, kuda kwa tsitsi kukutsikira m'masaya, kwaya ikuimba kumbuyo kwanga, anthu m'mbali mwa njira akusuzumira.

Titafika kumanda, amayi anatambasula dzanja kuti ndiwapatse. Ndinazengereza. Achimwene anayang'ana pansi. Amayi anachilandira, n'kuchipukuta ndi chala ngati akupukuta misozi, ndipo pakamwa pa abambo panafufutika, inki n'kutsalira pachalapo.

Anatembenukira kwa achimwene, n'kufunsa motsitsa mawu: "Amene tikuika lerowa ndi amenewa?"