Munthu wodziwa mathero

"Ndiye kuti inu munaonera kale! Mwangokhala apa kumationa ngati zitsiru!"

Anali mayi a kunyumba, ataima pakati pa ine ndi kanema, limoti ili m'manja ngati andigenda nayo. Linali Lamlungu masana. Ndinawabwezera mokalipa, monga ndimachitira, kuti zonsezo ndinachitira iwo omwe. Mpaka lero ndimaona kuti sindinaname. Chimene sindinamvetse n'chakuti munthu wothandiza amasanduka bwanji wolakwa.

Nthawi imeneyo ndinali kapitawo m'fakitale ya tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Mvula ikagwa tsamba limabwera mosalekeza, ndipo ndinkafika kunyumba kudzangodya ndi kugona. Ana anali ku sukulu zogonera konko. Ine ndi mayi tikayamba kucheza, machezawo ankathera mkangano, woyambitsa ine. Chinatithandiza ndi makina a dividi amene ndinagula ku Limbe, ndi mafilimu aja a zigawozigawo amene ogulitsa ankawatcha masizoni. Lamlungu tikachoka kutchalitchi tinkakhala pampando umodzi mpaka dzuwa kupendeka. Munthu womukalipira ankakhala wa m'kanema, osati mnzako. Sabata yonse nthawi yathu inali yomweyo.

Filimu imene inatisokoneza inali ya dokotala wina wofunafuna mng'ono wake amene anasowa m'tauni ya migodi. Tinayenda naye miyezi. Pa gawo lomaliza la chimbale chomaliza, dokotalayo anapeza chitseko chachitsulo pansi pa mgodi, anachitsegula, nkhope yake inasintha, kenako mayina a ochita sewero anayamba kukwera pa kanema.

"Ikani china," anatero mayi.

China panalibe. Ndinagwedeza chikuto, ndinasuzumira kuseri kwa kabati. Nditalandira tsiku lopuma ndinakwera minibasi pa Boma, ndipo pofika ku Limbe n'kuti mtima utawira kale. Ndinaponya zimbale patebulo la amene anandigulitsa, bambo wamtali wosachedwa kuseka, n'kumuuza kuti andipatse chimene anabisa.

"Madala, chimbale chimenecho kulibe," anatero. "Mupite ku Joni, mupite kwa azungu komweko, simuchipeza. Filimuyi anaidula."

Anandifotokozera kuti mafilimu amenewa sawapanga onse nthawi imodzi. Amapanga sizoni imodzi, n'kuionetsa pa kanema kwawoko. Oonera akachuluka, eni wailesi amalamula ina. Akachepa amaimitsa, ochita sewero n'kubalalika, nkhani n'kutsalira pomwe inafika.

"Nanga pachikutopa munalemberanji kuti yonse?"

"Yonse imene inapangidwa, madala. Inayo tiitenga kuti?"

"Tsono kuseri kwa chitseko kunali chiyani?"

"Mwina ngakhale wolembayo anali asanaganize."

Apa mutu unaima. Ife tsamba likalowa m'fakitale sulisiya pakati, ngakhale abwana akwiye, ngakhale mtengo utsike. Limafota, limadulidwa, limauma, kapena lawonongeka. Koma anthu a ndalama zawo akhoza kumusiya munthu atagwira chitseko mpaka kalekale, osapepesa n'komwe.

Mayi nditawauza sanakhulupirire. Anati ndapusitsidwa. Atakhulupirira anati iwo sadzayambanso nkhani yopanda mathero, mtima wawo si wosewera nawo. Malamlungu otsatira ankapita kukacheza kwa anzawo a kumalaini a antchito, ine n'kutsala ndi makina.

Ndinabwerera ku Limbe kukafuna filimu yotha. Wogulitsa uja anandisokoneza kwambiri. Anati yotsalira panjira si yonse imene inadulidwa, ina akuipangabe, sizoni yotsatira imadzafika chaka chamawa. Ndinamufunsa kuti ndisiyanitsa bwanji. Anati iye ndi wogulitsa, si mneneri. Anandilozera kumene anthu amalipira kuti afufuze pa intaneti, kuti kumeneko amalemba ngati filimu inatha, inadulidwa kapena ikupitirira. Ndinapita. Kompyuta inkachedwa ngati thirakitala ya m'matope, ndipo dzina limene linali pachikuto silinapezeke, chifukwa okopera zimbale nthawi zina ankaikapo dzina lawolawo. Ndinatuluka ndisanaphule kanthu.

Ndiye ndinapeza nzeru yanga. Pamalo pa wogulitsayo panali kakanema koyesera zimbale. Ndinkatenga chimbale chomaliza, gawo lomaliza, n'kuthamangitsa mpaka chakumapeto. Wina akatsala atalendewera pa mlatho, ndinkabweza filimuyo kwa wogulitsa. Foni ikalira mayina n'kukwera, ndinkabweza. Wogulitsa anati ndine kasitomala woyamba kudya nsomba kuyambira kumchira. Potsiriza ndinapeza ya banja lolimbirana famu bambo awo ataphedwa. Pamapeto apolisi anamanga wakuphayo, ana anagwirana manja, panalibe chotsalira. Wakuphayo anali loya wa banjalo, nkhalamba yaimvi yolankhula mofatsa.

Kunyumba ndinangoti iyi ikutha, ndatsimikiza. Mayi anabwerera pampando.

Vuto linali loya uja. Mayi anamukonda. Akatulukira ankati, "Koma bambo awa okha ndiwo ali ndi umunthu m'filimu muno." Ine ndinkameza malovu. Lamlungu lina ndinangotsokomola. Lina ndinatuluka kukaona nkhuku. Tsiku la mkanganolo loyayo ankapukuta misozi ya mayi wamasiye, ndipo mayi a kunyumba anati, "Amuna ena akanaphunzirako kwa awa."

"Awa? Dikirani muone chimene anachita."

Pakamwa panga ndi pomwepo. Mayi anaimitsa filimu, anandiyang'ana, ndipo anamvetsa zonse.

"Munati mukufuna yotha," ndinatero. "Ndikanadziwa bwanji osaona?"

"Ndinati yotha. Sindinati muithe nokha."

"Kusiyana kwake n'kotani?"

"Ya dokotala ija tinapusa tonse awiri. Iyi ndapusa ndekha, inu mukundionerera."

"Ndiye bola yodulidwa?"

"Bola yodulidwa."

"Koma munakana yodulidwa!"

"Ndikukanabe."

Anaika limoti patebulo n'kunena kuti ndimalize ndekha ndi loya wangayo, iwo Lamlungu ali ndi kopita. Ndinatsala ndikuwerengetsa ngati samu. Yosatha saifuna. Yotha imene ndaona saifuna. Kuti ndidziwe kuti ikutha ndiyenera kuona. Paliponse pamene ndinkayambira ndinkafika pomwepo.

M'mawa mwake, ndisanapite ku fakitale, ndinatenga filimu ina imene wogulitsa anandikakamiza koma ndinali ndisanaiyese, n'kukagogoda kwa aneba athu, aphunzitsi a pulayimale ochokera ku Makwasa, a Sabata enieni, amene masizoni ankawaona ngati kutaya nthawi. Makina anali nawo oonerera makwaya. Ndinawapempha kuti aone chakumapeto kwa chimbale chomaliza ine nditaima panja, andiuze mawu amodzi okha, yatha kapena sinathe.

Ndinadikira pakhonde m'chifunga. Anatuluka akupukuta magalasi.

"Abambo, anthu amenewa ine sindikuwadziwa. Mtsikana wina wakwera sitima, ndiye mnyamata..."

Ndinatseka makutu ndi manja n'kuwakalipira kuti mawu amodzi.

"Ndiye sindikudziwa," anatero. "Mwina yatha. Onse akulira."

Ndinalanda chimbale changa n'kubwerera kunyumba. Mayi ankasesa pabwalo. Ndinaika filimuyo pawindo pafupi nawo, n'kuwauza kuti iyi sindinaione, aphunzitsi aiona koma sanaimve, ndipo ngati ikutha kapena ayi, palibe akudziwa pa esiteti yonse ino. Anaitembenuza, kuyang'ana chikuto. Ndinaisiya pomwepo n'kuthamangira ku fakitale, belu litalira kale.