Malikisi Anga Anawapatsa Wina

Pepani, ine si munthu wolemba, sukulu ndinaphunzira ya kumudzi. Koma nkhaniyi ikundiwawabe mumtima.

Ndinkagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ya bungwe la alimi ku Domwe. Atafuna woyang'anira sitoloyo, tcheyamani wa bungwelo anandilembetsa chidziwitso chomata pakhomo: munthu wodziwa kusamala katundu, wogwirapo ntchito m'sitolo, wolankhula Chinyanja ndi Chipwitikizi. Anandiikanso m'gulu la ofunsa atatu. Aliyense anali ndi pepala la mafunso asanu, funso lililonse malikisi mpaka khumi, ndipo tinayenera kuphatikiza mapepala onse.

Anabwera anthu anayi. Pa funso la kasamalidwe ka katundu, mayi wina wogulitsa mbatatesi anafotokoza kuti mbewu yakale iyambe kutuluka, feteleza asagone pansi pa simenti. Ndinamupatsa asanu ndi anayi. Mphwake wa tcheyamani anangoti, "Zimenezo ndidzaphunzira," ndipo ndinamupatsa atatu.

Komatu ndinkalemba ndi pensulo kuopa kudetsa pepala, maina ndikuti ndiwalemba bwinobwino pomaliza. Tcheyamani anatola mapepala ndisanatero. "Bweretsa, mwanawe, ndikumalizira," anatero.

Mawa lake ndinapeza malikisi a mayi aja ali pansi pa dzina la mphwake, manambala ake anga omwe. Ndinawauza tcheyamani mogwada kuti mwina panalakwika. Anandiyankha kuti, "Dzanja ndi lako lomwe, ukufuna kundinamiza?"

Sindinasainire pepalalo. Anasainira okha, mphwakeyo anapatsidwa makiyi, ndipo ine anandichotsa ntchito pa 14 Malichi 2023.