Tikiti ya Loweruka

Ku koleji ndinatulukako ndi zinthu ziwiri: laputopu yosweka kona ndi dzina loti Injiniya. Digiri ndinaisiyira anzanga, poti ndine munthu wosadzikonda. Mu 2016 ndinkakhala ku Bertrams, mu Joni, m'chipinda chakuseri kwa nyumba, ndipo ganyu yanga inali yosamalira webusaiti ya kampani ina yaing'ono ya mabasi a Joni–Blantyre. Sindine ndinaipanga webusaitiyo. Woipangayo anali atasowa kalekale, ndipo nditawerenga zomwe analemba ndinamvetsa chifukwa chake.

Kumayambiriro kwa Disembala bwana anandiitana. Anali atangolola kuti anthu azidzigulira okha matikiti pafoni, ndipo m'mawa uliwonse pakhomo pa ofesi pankakhala munthu ndi zikwama, akutukwana. Wagula tikiti ya pa 15, foni yake ikuonetsa 15, koma pa pepala la kondakitala dzina lake linali pa 14, ndipo mpando wake unapita dzulo wopanda munthu.

"Injiniya, kompyuta yanuyi ikudya masiku a anthu," anatero bwana.

Matendawo ndinawapeza msanga. Munthu akadina 15, bulawuza, pulogalamu yotsegulira webusaiti pafoni pake, inkatenga tsikulo ngati mphindi yeniyeni: 12 koloko ya usiku woyamba pa 15, nthawi ya ku Joni. Potumiza ku seva, kompyuta yaikulu yosunga matikiti onse, inkasandutsa mphindiyo kukhala nthawi ya UTC, yomwe ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri, n'kukhala 10 koloko usiku wa pa 14. Seva, yomwe tinkachita lendi ku Ulaya ndipo wotchi yake inali pa UTC, posindikiza tikiti ndi pepala la kondakitala inkadula maolawo n'kulemba 14. Foni ikafunsanso, inkabwezera maola awiri aja n'kuonetsa 15. Makina onse awiri ankanena zoona. Wolakwa anali wokwera basi.

Mankhwala ake ndi osavuta. Tsiku la ulendo silifuna ola. Ndinakonza kuti bulawuza izitumiza chaka, mwezi ndi tsiku ngati mawu wamba, seva izisunga momwemo, ndipo pasakhale wosandutsa kanthu. Matikiti omwe anthu anali atagula kale pafoni ndinawasunthira pa masiku awo enieni. Ndinayesa, zinatheka. Ndinauza bwana kuti zatha, ndipo madzulo ake ndinadzigulira chipisi ngati munthu wopambana.

Sabata yomweyo achemwali anga aakulu anali m'tauni. Iwo ankabwera kudzaoda mabulangete ndi makatani n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo ana awo atatu ankadya ndi kuphunzira ndi maulendo amenewo. Pachipata cholowera m'dzikomo anawadindira masiku othera Lachisanu. Munthu ukapitirira ngakhale tsiku limodzi, potuluka amakudinda kuti usabwerenso kwa chaka. Iwo ankadziwa bwino zimenezi, koma katundu wina anachedwa kufika kusitolo, ndiye anasankha basi ya Lachisanu m'mawa, yomwe imafika pa chipata cha Beitbridge madzulo.

"Ndikugulireni pafoni," ndinawauza. "Ndakonza ndekha."

"Ndiye chifukwa chake ndikupita ku ofesi," anayankha. "Ndikufuna munthu woti ndikamulozere chala."

Ku ofesi wogulitsa matikiti anali bambo wina wachikulire, wobadwira ku Joni komweko, mwana wa mtchona wa m'migodi. Tonse tinkawatcha madala. Chichewa chawo chinali chothira Chizulu, ndipo kompyuta ankaiyang'ana ngati galu wa eni ake.

Lachisanu m'mawa foni yanga inalira ndili m'bafa. Anali achemwali.

"Iwe, bwera kuno. Akuti ine kulibe."

Ndinawapeza atakhala pamwamba pa mabelo awo, basi ikulira, kondakitala akupukusa mutu. Ndinatenga tikiti. Panalembedwa tsiku la Loweruka. Achemwali sanaiwerenge, anauzidwa pakamwa kuti Lachisanu, n'kuipinda m'pasipoti.

Ndinalowa mu ofesi. "Madala, achemwali anapempha Lachisanu. Munadina tsiku liti?"

"Loweruka, mfana wami."

"Chifukwa chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chomwe anthu amavalira nsapato. "Hawu. Ukafuna Lachisanu umadina Loweruka. Makinawa amabweza limodzi. Takhala tikutero kuyambira kalekale."

"Ndani anakuuzani?"

"Palibe. Tinangoona. Aliyense wobwera pa desiki pano timamuphunzitsa tsiku loyamba, pamodzi ndi pomwe timasunga shuga."

Ofesi inkagwiritsa ntchito tsamba lomwelo, m'bulawuza, ndipo matenda omwewo anali nawo kuyambira pachiyambi. Iwo anangowazolowera. Palibe anandiuza, poti kwa iwo silinali vuto, unali mwambo. Bwana sanagulitsepo tikiti ndi dzanja lawo, ndiye sankadziwa, ndipo mawu anga oti zatha anathera m'khutu mwawo. Ine ndinachotsa dzenje, madala n'kupitiriza kulidumpha.

Ndinapempha mpando. Unali Disembala, Joni yense akupita kumudzi. Bwana anati apolisi apamsewu akapeza munthu woimirira, basi yonse igona panjira. Ndinakwera m'basimo n'kulankhula kwa anthu mwaulemu waukulu, kufotokoza za maola awiri, za seva ya ku Ulaya, za mayi wa ana atatu, kupempha mmodzi yekha wa masiku otsala kuti asinthane nawo.

"Achimwene, mukugulitsa chiyani?" anafunsa mayi wina. Anthu anaseka. Bambo wina wa kumbuyo anati ndikamaliza ulaliki nditseke chitseko.

Basi inapita. Tinazungulira kwa a mabasi ena m'tauni, konse kodzadza. Ndinauza achemwali kuti akwere takisi ya ku Musina, tauni ya pafupi ndi chipata, awoloke okha lero lomwe, katundu ndidzatumiza.

"Udzatumiza iwe?" anatero. "Mpamba wanga wonse uli m'mabelowa. Ndikausiye kwa munthu amene wasokoneza Lachisanu?"

"Sindinalisokoneze. Ndinalikonza."

"Eya. Zikuoneka."

Kenako anati mwina pachipata adzamva chisoni, poti ndi tsiku limodzi lokha. Ndinadziwa kuti sizitero, koma ndinavomera ndi mutu. Anagona pabedi panga, ine pansi, mabelo atatsekereza chitseko.

Masana a Lachisanu lomwelo, tikusaka basi, madala anali atawerenga matikiti onse a sabatayo. Aliyense wogula pa desiki anali atakankhidwira kutsogolo ndi tsiku limodzi. Loweruka m'mawa, achemwali atakwera, bwana anandiitanira mkati.

"Bwezerani mmene zinalili."

"Bwana, zinali zolakwika. Tingowauza madala asiye kuwonjezera."

"Madala agwira ntchito imeneyi inu muli ku pulaimale. Dzanja lawo silisintha pakati pa Disembala. Zogula pafonizo tsekani, ofesi ibwerere mwakale."

Ndinakhala pansi n'kubwezera matendawo m'malo mwake, mosamala kwambiri, mzere ndi mzere. Ndinayesanso kuti nditsimikize kuti zikulakwika bwinobwino. Madala anadina Lachiwiri, makina anatulutsa Lolemba, ndipo anandisisita paphewa. "Sharp, mfana wami. Tsopano yachira."

Achemwali anaimba ali mbali ya Zimbabwe. Mawu awo anali ouma, opanda mkwiyo, zomwe zinandiopsa kuposa kutukwana.

"Andidinda. Chaka chathunthu."

Ndinayamba kunena kuti pali njira yodandaulira, kuti tingalembe kalata.

"Ulemba iwe?"

Nkhani ya kalata inathera pomwepo. Achemwali anapitiriza.

"Tamvera. Mwezi wamawa ndikutumizira zithunzi za mabulangete. Uzikaoda ndiwe, uzikweza basi. Osagula a maluwa ofiira, kuno sayenda."

Chaka chonsecho Loweruka lililonse lomaliza mwezi ndinkakhala m'masitolo a mabulangete, foni kukhutu, ndikufinya nsalu zomwe sindinkazidziwa. Amasitolo ankandiona kuti ndine mlendo, mtengo n'kukwera. Makasitomala a achemwali anayamba kupita kwa amayi ena odzisankhira okha katundu. Pofika pakati pa chaka, mwana wawo wamkulu anali atachoka kusukulu yogonera n'kubwerera ya pafupi ndi kunyumba. Nkhaniyo sanandiuze iwo. Ndinaimva kwa mayi athu. Chiletso chitatha, achemwali sanabwerenso ku Joni. Anati mpamba wotsalawo sungakwanire ngakhale tikiti.