Nilanthi, ndapempha ofu masiku onse awiri

Nilanthi, nesi mnzanga wa ku Sri Lanka, patha chaka chichokereni iwe pachipatala pathu. Ndakumbuka tsiku lija ndinakutengera shifiti ya Lachiwiri osakuuza, kuti ukapemphere kukachisi wa Abuda ku Birmingham mwezi uli wathunthu. Tsikulo ndinaliona pa kalendala ya anzathu a ku Thailand, osadziwa kuti lanu linali Lolemba. Unagwira ntchito pa tsiku lako lopatulika osadandaula. Pa buleki unandiuza ukuseka: "Iwo amangowerenga masiku, mwezi wina 29, wina 30, likafika la 15 mwezi ukukula amati wakwana. Ife timawerengera kayendedwe kake kenikeni kumwambako, ndipo pena umafulumira, pena umachedwa. Ndiye nthawi zina timasiyana tsiku limodzi."

Mwezi uno makalendala awiriwa asiyananso. Ndapempha ofu masiku onse awiri, ndipita kukachisi kuja, kuti ndisakuphonyenso.