Nyimbo ya Lamba wa Malalanje

Chigayo cha ku Lufita kumene ndimagayitsa chimanga chili ndi lamba wotchingidwa ndi waya ngati khola la nkhuku. Nditangotumizidwa kuno kudzaphunzitsa kuchokera ku Ntcheu, ndinaseka. Ndinafunsa eni ake, mayi Justina Kayuni, ngati lambayo amathawa.

"Yewo aphunzitsi, sekani," anatero. "Amene uja amaluma."

Nkhani yake ndinaimva pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero ndimagwira pakamwa.

Mayi Justina anabadwira ku Misuku, m'minda ya khofi. Sukulu anangoilawa, koma Chisukwa, Chitumbuka, Chiswahili cha pamsika ndi Chichewa anazitola ndi khutu, monga ankatolera nyimbo za kwaya. Zipani zambiri zitabwera, iwo ndi amuna awo a Wallace anapita ku Joni, kunyumba yopakira malalanje. Chizungu chonse cha m'banjamo chinali m'kamwa mwa a Wallace. Kapitawo akalankhula, mayi ankangoyang'ana bambo.

Tsiku lina lalanje linakakamira pansi pa lamba woyendetsa zipatso. A Wallace anapisa dzanja lamba akuyenda, zala zitatu za kumanja n'kupita. Atatuluka m'chipatala anabwerera kumudzi, mayi n'kutsala okha kuti banja lidye.

Tsono pantchitopo panali lamulo. Shifiti isanayambe, munthu mmodzi ankaima kutsogolo n'kukumbutsa anzake za chitetezo, m'Chizungu, chifukwa anthu anali amitundumitundu. Ankasinthana motsata mzere. Wolephera kutsegula pakamwa sankamuitananso nyengo ya malalanje yotsatira, poti kapitawo ankati munthu wosatha kuchenjeza mnzake ndi ngozi. Mzere unali kuyandikira mayi Justina.

Anayamba ndi makoma. Chikwangwani chilichonse chinali ndi chithunzi: dzanja pampopi, tsitsi m'kaneti, zala pafupi ndi lamba zitadulidwa ndi mzere wofiira. Tanthauzo analiona ndi maso, chimene chinkasowa ndi kamvekedwe. Anagwira mkono Dorothy, mayi wa ku Zimbabwe amene ankasankha naye zipatso, n'kumuloza chikwangwani. Dorothy akawerenga, iwo ankabwereza, kenako n'kuika mawuwo m'nyimbo. Tsiku lonse manja ali pamalalanje, pakamwa pakung'ung'udza malamulo a kampani ngati nyimbo ya chopereka.

Posinthana shifiti masana, ena akuthamangira basi, iwo ankatsalira pafupi ndi oyendetsa makina. Anazindikira kuti zokambidwa pamenepo n'zomwezomwezo tsiku ndi tsiku: lamba uti wavuta, waima kangati, ndani wamukonza. Mawu akabwera kachitatu ankawatenga, n'kukawayesa pa Dorothy nthawi ya tiyi. Anthu ankaseka mpaka kutsamwa buledi. Tsiku lina kapitawo atawafunsa kuti adzuka bwanji, anayankha kuti khomo lothawira moto lisatsekedwe.

"Manyazi ndinawasiya ku Misuku," anandiuza. "Wakufunsa sasochera, aphunzitsi."

Tsiku lawo linafika nyengo isanathe. Anasankha chikwangwani cha zala chija, ndipo mawu ake anali atawaloweza bwinobwino. Anaima kutsogolo, nawanena onse osaphonya. Anthu anagwedeza mitu mwaulesi, poti khomalo ankaliona tsiku lililonse. Ena anali atayamba kale kuvala magolovesi.

Pamenepo mayi anapsa mtima. Anasiya zoloweza zija, nayamba kulumikiza okha timawu tawo totola pa tiyi ndi pashifiti. Anati mwamuna wanga ankagwira apa. Lalanje limodzi linagwa. Sanazimitse makina. Anakweza dzanja lamanja, napinda zala zitatu, nati tsopano malaya ndimam'manga mabatani ndine, koma ine ndili kuno.

Chizungu chawo akuti chinali chothyokathyoka, koma palibe anatsokomola. Dorothy ankalira poyera. Kapitawo anayenda mpaka pa batani lofiira loimitsira lamba, nauza aliyense kuti alikhudze asanayambe ntchito.

Nyengo yotsatira anawaitananso, ndi zinanso zambiri pambuyo pake. Atsopano akafika osadziwa Chizungu, ankawapereka kwa mayi a ku Malawi oimba aja. Chigayochi chinachokera m'malalanje amenewo.

Ine ndimaphunzitsa ndi choko ndi mabuku, ndipo ndimadziwa kulemera kwa chilankhulo cha eni. Ndikaganiza kuti munthu anachinyamula kuchokera pakhoma, ali yekha, mtima uli kumudzi, ndimachita mantha ndi mayi ameneyu.

Pamwamba pa waya uja pali chikwangwani cha Chizungu, Chitumbuka ndi Chichewa, choletsa kupisa dzanja lamba akuyenda. Zilembo zake n'zokhotakhota zedi. Ndinawaseka mayi kuti mlembi wawo akufunika kubwera m'kalasi mwanga.

A Wallace, amene ankathira chimanga m'chigayo, anazimitsa injini, nadikira mpaka lamba ataimiratu.

"Ndinalemba ndine, aphunzitsi," anatero. "Ndi lamanzere."